Ndalama za alimi zachepa pa Excel, koma kompyuta sinabe kanthu

"Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a soya kufupi ndi Ulongwe ku Mozambique. Makilo a mlimi aliyense ndawalemba mu kolamu B kuyambira pa B2: 120, 80, 200, 50 ndi 95. Mtengo wa kilo, mametikali 25, uli pa F2, ndipo pa F3 pali mametikali 2 amene timadula pa kilo a thiransipoti. Pa C2 ndinalemba =B2*F2 ndipo yankho linabwera bwino, koma nditakokera pansi, zonse pamodzi zikungokwana 3,160. Alimi akundiyang'ana ngati ndadya ndalama zawo. Ndalakwitsa pati?"

Alembi, pumani kaye. Simunadye ndalama za munthu, ndipo cholakwikacho chikonzeka ndi zizindikiro ziwiri zokha. Koma ndisanakupatseni zizindikirozo ndikufuna muone chimene chachitika, chifukwa amene wangouzidwa kuti "ikani chizindikiro cha dola, $, mu fomula" osamva chifukwa chake amadzachiika pamalo olakwika, n'kupeza vuto loposa loyambali.

Inu mukalemba F2, mumtima mwanu mumakhala mukunena kuti "mtengo wa soya". Excel samva choncho. Iye amasunga njira yochokera pamene pali fomula kukafika pa kabokosi kamene mwatchula. Kuchokera pa C2, B2 ndi kabokosi koyamba kumanzere, ndipo F2 ndi kachitatu kumanja, mumzere womwewo. Mukakokera fomulayo pansi, chimene chimakopedwa ndi njirayo. Ndiye dinani pa C3, C4, mpaka C6, muwerenge zimene zikuoneka pamwamba paja polembera fomula. Mupeza izi:

```
C2  =B2*F2   3000
C3  =B3*F3   160
C4  =B4*F4   0
C5  =B5*F5   0
C6  =B6*F6   0
```

Kutsika kwa B ndi kumene mumafuna, popeza mlimi aliyense ali ndi makilo ake. Koma F nayenso watsika. Mlimi wachiwiri makilo ake 80 achulukitsidwa ndi 2 wa thiransipoti uja m'malo mwa 25. Atatu otsalawo achulukitsidwa ndi timabokosi topanda kanthu, ndipo pochulukitsa, Excel amawerenga kabokosi kopanda kanthu ngati 0. Ndi mmene 3,160 wabwerera. Chonsecho makilo onse ndi 545, ndipo pa mametikali 25 ndalama zoyenera ndi 13,625.

Maziro atatuwo sandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa munthu amene wasenza matumba a makilo 200 sangalole kupatsidwa 0, adzafunsa pomwepo. Amene amandiopsa ndi 160 uja. Ndi nambala yooneka ngati yabwinobwino, ilibe chizindikiro chilichonse cha vuto, ndipo pa mndandanda wa alimi 60 palibe amene angaione. Akanakhala kuti pa F3 pali mawu osati nambala, mukanaona #VALUE!, kapena #VALOR! ngati Excel wanu ndi wa Chipwitikizi monga ambiri kuno, ndipo mukanadziwa nthawi yomweyo. Vuto lofuula choncho ndi labwino kusiyana ndi lachete limene limafika mpaka pa tsiku lolipira.

Pali njira ina imene anthu amathawirako, ndipo ine ndimaikana kwamtuwagalu: kufufuta F2 n'kulemba =B2*25. Lero igwira. Koma mtengo wa soya sukhala malo amodzi, wa pokolola si wa miyezi ya njala, ndipo wogula akasintha mtengo muyenera kusaka 25 aliyense m'mafomula onse. Mmodzi akatsalira, ziwerengero zanu zili ndi mitengo iwiri popanda wodziwa. Amene analemba 17% wa msonkho wa IVA mkati mwa mafomula awo anakumana nazo zimenezi pamene msonkhowo unatsika kufika pa 16% mu 2023. Inu munachita bwino kuika mtengo pa kabokosi kakekake. Musabwerere m'mbuyo.

Cholakwika china ndi cha amene wangophunzira kumene chizindikiro cha dola, n'kuchikonda mopitirira. Amalemba =$B$2*$F$2. Tsopano palibe chimene chikutsika, mlimi aliyense akulandira 3,000 ya mlimi woyamba, ndipo asanuwo pamodzi akukwana 15,000. Onani mmene 15,000 wayandikirira 13,625. Wapampando atangoponya diso pa nambala yapansiyo akhoza kusaina. Amene anabweretsa makilo 50 walandira 3,000 m'malo mwa 1,250, amene anabweretsa 200 walandira 3,000 m'malo mwa 5,000, ndipo kalabu yataya 1,375. Pa chifukwa chimenechi ndimati funso lofunika musanakokere pansi ndi ili: mu fomula imeneyi, ndi chiyani chiyenera kuyenda ndi mlimi aliyense, ndipo ndi chiyani chiyenera kukhala pomwe chili? Makilo amayenda. Mtengo umakhala.

Ndinenenso za malo amene mwaika mtengowo, ngakhale simunafunse. F2 ali mumzere umodzi ndi mlimi woyamba. Tsiku limene mlimiyo adzachoke mu kalabu inu n'kufufuta mzere wonse wachiwiri, mtengo udzapita naye limodzi, ndipo kolamu C yonse idzadzaza ndi #REF!. Dola sateteza ku zimenezo. Ntchito yake ndi imodzi, kuletsa dzina la kabokosi kusintha pamene fomula ikukopedwa. Mukapeza mpata, sunthani mtengo ndi thiransipoti zikhale pamwamba pa mndandanda kapena pa tsamba lina. Pozisuntha gwiritsani ntchito Ctrl+X osati Ctrl+C, chifukwa mukadula n'kumata, mafomula amatsatira kabokosiko kumalo ake atsopano, ngakhale ali ndi dola.

Kakonzedwe kake

Dinani pa C2, mudine F2 ya pa kiyibodi kuti mulowe mkati mwa fomula (dzina langofanana ndi kabokosi kanu, ndi batani la pamwamba). Ikani kasala pa mawu akuti F2 mu fomulamo, kenako dinani F4 kamodzi. Pa malaputopu ena muyenera kugwira Fn limodzi ndi F4, ndipo pa foni mungolemba $ ndi dzanja. Fomula ikhale yotere:

```
=B2*$F$2
```

Dola amamanga chimene chili kutsogolo kwake: $F wamanga kolamu, $2 wamanga mzere. Pokokera pansi pokha F$2 akanakwana, koma mtengo uli pa kabokosi kamodzi kokha, choncho mangani zonse ziwiri. Mukapitiriza kudina F4 amasinthasintha, $F$2, F$2, $F2, kenako F2, ndiye mukadutsa pitirizani kudina mpaka abwerenso. Dinani Enter, mukokerenso pansi kuchokera pa C2 mpaka C6, chifukwa kukonza kabokosi koyamba sikusintha mafomula akale amene ali pansi pake. Muyenera kuona 3,000, 2,000, 5,000, 1,250 ndi 2,375. Ngati mukufuna kudula thiransipoti pomwepo, lembani =B2*($F$2-$F$3), ndipo zonse pamodzi zikhala 12,535.

Mukatha kukokera, musayang'ane mzere woyamba, umenewo umakhala wolondola nthawi zonse ngakhale zinthu zitaonongeka. Pitani pa mzere womaliza mudine batani la F2. Excel azunguliza ndi mitundu timabokosi timene fomulayo ikuwerenga, ndipo kamodzi kayenera kukhala pa makilo a mlimi womalizayo, kenako pa mtengo. Kenako pa kabokosi kena kapambali lembani choyesera ichi:

```
=SOMA(B2:B6)*F2-SOMA(C2:C6)
```

Pa Excel wa Chingelezi lembani SUM m'malo mwa SOMA. Ngati simunadule thiransipoti, yankho liyenera kukhala 0. Pa ziwerengero zanu zakale likanatulutsa 10,465, ndipo pa zomangidwa mopitirira zija likanatulutsa -1,375. Mukaonjezera alimi, onetsetsani kuti B6 ndi C6 mu choyeseracho zafika pa mzere wa mlimi womaliza, ndipo muchisiye pomwepo kuti wapampando ndi msungichuma azichiona asanasaine.