Ndalama za pafoni sizikugwirizana ndi buku la malonda: kompyuta ingandiwerengere?

Funso: Amisiri, ndili ndi kashopu ndipo makasitomala ambiri amalipira pafoni. Usiku uliwonse ndimafananiza mauthenga a pafoni ndi buku la malonda, koma kawirikawiri sizigwirizana ndipo sindidziwa pomwe pavuta. Kodi pali njira yoti kompyuta izichita yokha ntchitoyi?

Yankho: Njira ilipo, ndipo Excel kapena Google Sheets ndi yokwanira. Koma kompyuta singakuthandizeni ngati buku lanu lili ndi tsiku ndi ndalama zokha. Anthu atatu akalipira 2,000 aliyense tsiku limodzi, inu n'kulemba awiri, palibe fomula yomwe ingadziwe kuti wosowayo ndi uti. Chomwe sichibwerezeka ndi nambala ya malipiro, ija imabwera mu uthenga, yomwe pasitetimenti nthawi zambiri imalembedwa Transaction ID kapena Reference. Choncho ntchito iyambire pakauntala: wogulitsa asapereke katundu asanakopere nambalayo m'buku, ndipo aikopere pafoni ya shopu, osati pa foni ya kasitomala, chifukwa uthenga wongoonetsedwa munthu atha kuupeka.

Mbali inayo musadalire mauthenga, poti amafufutika ndipo ena amachedwa. Pezani sitetimenti yochokera ku kampani ya foniyo, makamaka ya mtundu wa CSV kapena Excel. Izi zimaphweka ngati nambala yanu inalembetsedwa ngati ya bizinesi. Ya PDF imavuta, chifukwa mukaikopera manambala amasokonekera mizere.

Tsopano tsegulani fayilo imodzi yokhala ndi masamba awiri. Tsamba loyamba litcheni Malonda: kolamu A ikhale tsiku, B nambala ya lisiti, C ndalama, D njira yolipirira, E nambala ya malipiro. Lachiwiri litcheni Foni: A nambala ya malipiro, B nthawi, C mtundu wa malipiro, D ndalama. Patsamba la Foni muziikapo ndalama zolowa kuchokera kwa ogula zokha. Zomwe mwatapa, zomwe mwatumizira amene amakupikulitsani katundu ndi zomwe kampani yadula zipite patsamba lawolawo. Ngati sitetimenti ikuonetsa ndalama yomwe kasitomala watumiza komanso yotsala kampani itadula yake, tengani yoyambayo, apo ayi mzere uliwonse uzioneka wopelewera.

Patsamba la Malonda, mu F2, lembani fomula iyi n'kuikokera mpaka pansi:

```
=IF(E2="","",IF(COUNTIF(Foni!A:A,E2)=0,"PALIBE",SUMIF(Foni!A:A,E2,Foni!D:D)-SUMIF(E:E,E2,C:C)))
```

Mzere wa malonda a kashi, womwe ulibe nambala, imaudumpha. Nambala ikasowa pasitetimenti imalemba PALIBE. Ikapezeka, imachotsa zomwe munalemba m'buku pa zomwe zinalowadi, ndipo 0 atanthauza kuti zagwirizana. Ndagwiritsa SUMIF mbali zonse ziwiri mwadala, kuti munthu akalipira malisiti awiri ndi kutumiza kumodzi, fomula iwaphatikize isanafananize.

Fomula imeneyi imangoona kuchokera m'buku kupita pafoni. Ndalama yomwe yalowa koma sinalembedwe m'buku singaione, n'chifukwa chake patsamba la Foni, mu E2, pakufunika ina:

```
=COUNTIF(Malonda!E:E,A2)
```

Apa 1 ndiye zabwinobwino. 0 ndi ndalama yopanda lisiti. Mukaona 2, yang'anani F kumbali ya Malonda: ngati pali 0, ndi malisiti awiri olipiridwa limodzi, koma ngati pali kupelewera kofanana ndi lisiti yathunthu, nambala imodzi yagwiritsidwa ntchito kutengera katundu kawiri.

Tiyerekeze kuti buku likuti malonda a pafoni a lero ndi 186,500, pomwe sitetimenti ikuti 181,600. Kusiyana ndi 4,900. Munthu wowerengera pamanja amayamba kusakasaka malonda a 4,900, ndipo sawapeza chifukwa kulibe. Mafomula aja akuonetsa mizere itatu. Lisiti ya 8,000 yalembedwa PALIBE. Patsamba la Foni pali 4,000 yokhala ndi 0. Ndipo lisiti ina ikuonetsa -900. Werengani: 8,000 kuchotsa 4,000 kuphatikiza 900, ndi 4,900 yomweyo. Zolakwika zitatu zinabisalirana m'nambala imodzi, ndipo zikanatha kufafanizana mpaka matotala n'kufanana ndendende. Ichi n'chifukwa chake ine sindikhulupirira totala yokha, ngakhale itagwirizana.

Wa -900 ndi wosavuta: m'buku munalembedwa 5,400 pomwe kasitomala anatumiza 4,500. Manambala awiri akasinthana malo chonchi, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala, ndiye mukaona 900, 90 kapena 2,700, yambani mwakayikira dzanja la wolemba. Mtengo wa katunduyo ndi womwe ukuuzeni ngati analakwitsa ndi wolemba kapena wotumiza. Wa 4,000 yang'anani nthawi yomwe inalowa, kenako fufuzani m'buku malonda a 4,000 a nthawi yomweyo omwe analembedwa kuti ndi a kashi. Ngati ndi choncho, m'kabati mwa ndalama mupezekanso kuti mukupelewera 4,000.

Wa 8,000 musafulumire kuloza munthu chala. Choyamba fananizani nambalayo chilembo ndi chilembo, chifukwa O ndi 0, kapena I ndi 1, zimasokoneza kwambiri. Koma nambala ikalembedwa molakwika, patsamba la Foni pamayenera kupezeka 8,000 ina yokhala ndi 0, ndipo m'chitsanzo chathu palibe. Chotsala ndi nthawi: mwina sitetimenti munaitenga malipirowo asanalowe, kapena analowa itadutsa 12 koloko usiku n'kugwera tsiku lotsatira. Ndiye musamafufute zadzulo patsamba la Foni. Zatsopano muziziwonjezera pansi, kuti PALIBE wa dzulo azisanduka 0 yekha. Koma mzere umodzi usalowe kawiri, chifukwa SUMIF iuwerengera kawiri n'kuonetsa ndalama yowonjezera yomwe kulibe. Sitetimenti ya mawa ikabwera nambalayo isakuonekabe, ndalamayo sinafike kwa inu.

Tsiku loyamba mutha kuona PALIBE pamzere uliwonse. Zikatero vuto si ogula, ndi fayilo. Excel ikatsegula CSV mwachindunji, nambala yaitali ya madijiti okhaokha imaionetsa ngati 1.23E+11, imachotsa maziro akutsogolo, ndipo imasunga madijiti 15 okha, otsalawo n'kukhala 0. Ilowetseni kudzera pa Data, From Text/CSV, Transform Data, ndipo kolamu ya nambalayo muiike pa Text. Ngati manambala anu akupitirira madijiti 15, wonjezerani chilembo kutsogolo kwake mbali zonse ziwiri, monga T, chifukwa COUNTIF ndi SUMIF zimatha kuona manambala awiri osiyana kumapeto kokha ngati amodzi. Mpata wosaoneka kumapeto kwa nambala mumauchotsa ndi `=TRIM(A2)`. Ndalama zikatsamira kumanzere kwa kabokosi m'malo mwa kumanja, Excel ikuzitenga ngati mawu, ndipo SUMIF iziwerengera ngati 0.

Kuti kukopera kuthe, sungani masitetimenti onse m'foda imodzi, ndipo mu Excel ya pa Windows muilumikize kudzera pa Data, Get Data, From File, From Folder. Pokonza kulumikizako sefani kuti patsale ndalama zolowa kuchokera kwa ogula zokha, kenako ikaninso Remove Duplicates pakolamu ya nambala. Mukatero ntchito ya usiku ndi kuponya fayilo yatsopano m'foda, kudina Refresh All, ndi kuyang'ana mizere yokhayo ya malipiro a pafoni yomwe sikuonetsa 0 pa Malonda kapena 1 pa Foni.