Ng'ombe zadya kudimba: mmene zimayendera pamaso pa amkhalapakati

"Ng'ombe za aneba zinalowa kudimba kwanga kuno ku Ngabu n'kudya chimanga. Amkhalapakati atiitana tonse Loweruka. Kumeneko zimayenda bwanji, ndipo tikasainirana ndiye kuti andilipira?"

Mayi, pepani ndi zachimangazo. Choyamba dziwani kuti kumene mukupitako si kubwalo la anyakwawa. Kubwalo amfumu amamva mbali zonse n'kugamula, wolakwa n'kulipa chindapusa. Mkhalapakati sagamula. Ntchito yake ndi kukuyendetsani inu awiri mpaka mutapeza mfundo imene nonse mwaivomera, ndipo mukapanda kugwirizana palibe amene angakukakamizeni kudinda chala. Ngati amene akuitananiwo ndi a pulogalamu ya amkhalapakati a m'midzi imene bungwe la PASI, lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, linayambitsa mu 2008, simulipira kanthu, ndipo zokambirana zimachitikira poduka mphepo, osati pagulu.

Mukakhala pansi amayamba kulankhula ndi amkhalapakatiwo. Amadzitchula, amafunsa ngati nonse mwabwera mwa kufuna kwanu, n'kuika malamulo: wina akamalankhula mnzake asamudule mawu, kutukwana ayi, zokambidwa pano zithere pano. Apa mpamene muyenera kunena ngati mukudziwa kuti mkhalapakatiyo ndi mbale wa aneba anuwo, kapena ngati mukufuna kulankhula Chisena. Musadikire zinthu zitatentha.

Kenaka aliyense amafotokoza mbali yake, ndipo kawirikawiri amayamba ndi wodandaula. Anthu ambiri amataya mpata umenewu pokumba zakale, za nkhuku ya chaka chatha ndi mawu amene ananenedwa pamjigo. Inu kanenani tsiku limene ng'ombe zinalowa, zinali zingati, anaziona ndani, chimanga chinali pa msinkhu wanji, ndipo mizere ingati inawonongeka. Mawa lomweli pitani kudimba mukawerenge mizereyo ndi munthu wina, ndipo ngati muli ndi foni yojambula, jambulani mapesi obudulidwawo ndi mapazi a ng'ombe m'matope asanafufutike. Aneba akamafotokoza zawo mudzamva zina zokupsetsani mtima. Ugwireni mtima, nthawi yoyankha ikubwera. Aliyense akamaliza, mkhalapakati amabwereza mwachidule zimene wamva, atachotsamo minga. Mukanena kuti "bambowa ndi odzikuza, amaona ngati ng'ombe zawo ndi anthu", iye adzati "mayiwa akudandaula kuti simunapite kukawapepesa". Sikuti akukuchepetserani nkhani. Koma akasiya mfundo yeniyeni, monga kuchuluka kwa mizere, mukonzeni pomwepo.

Zikatero amatola mitu yoti ikambidwe. Pa nkhani ngati yanuyi imakhala itatu: chawonongeka n'chochuluka bwanji, chilipidwa motani, ndipo titani kuti ng'ombe zisalowenso.

Ndikupatseni chitsanzo cha nkhani ina imene ndinakhalapo cha kuno ku Chikwawa. Mayi wina ankafuna matumba 6 a makilogalamu 50. Mwini ng'ombe anati apereka thumba limodzi, chifukwa dimbalo linalibe mpanda komanso tsikulo kudambo kunali ng'ombe za anthu ambiri. Anakokanakokana osasuntha. Mkhalapakati anasiya za matumba n'kufunsa mayiwo kuti dimba lonse limatulutsa zingati chaka chabwino. Anati matumba 8. Nanga mizere? Yonse inali 40, yodyedwa 15. Powerengera pamaso pa onse, mizere 15 pa 40 ya matumba 8 inapereka matumba 3. Kuyambira pamenepo mkangano unachoka pa 6 ndi 1, unatsala pa funso loti mwa matumba atatuwo bambowo asenze angati.

Apa mpamene anawapatula, ndipo kwa ine gawo limeneli ndi limene limathyola nkhani zambiri. Mkhalapakati amatenga mbali imodzi kupita nayo pambali, ina n'kudikira, kenaka asinthana. Zimene mwamuuza kumeneko sakazinena kwa mnzanu pokhapokha mutamuloleza. Ali paokha, bambo aja anavomera kuti ng'ombezo zinali zawo ndithu, mnyamata wowetayo anazisiya n'kupita kukawedza, koma ankaopa kuti akavomera pagulu aliyense wa dimba kudamboko abwera ndi mlandu wake. Ndalama analibenso mpaka atagulitsa mbuzi. Mayi aja nawo anaulula kuti chinawawawa kwambiri n'chakuti atapita kukadandaula anabwezedwa pakhomo ngati mwana, komanso ankafuna mbewu msanga kuti abzalenso chinyontho chisanathe. Zonsezi pamaso pa mnzawo sakanazinena. Kumbaliko mkhalapakati adzakufunsaninso mafunso owawa: mukapita kukhoti la majisitireti, mboni yoona ng'ombezo muli nayo? Ya thiransipoti yopita kangapo muli nayo? Musaganize kuti wagulidwa, mnzanuyonso akufunsidwa zolimba zomwezo. Chizindikiro cha mkhalapakati wokondera n'china: amakuuzani yekha chiwerengero choti muvomere, kapena kukuopsezani kuti mukakana muona.

Atabwerera pamodzi anagwirizana matumba awiri ndi theka, mbewu yobzalanso, ndi kupepesa pamaso pa amkhalapakati.

Tsopano funso lanu lachiwiri lija. Kusaina pakokha sikubweretsa chimanga pakhomo. Pangano la kwa amkhalapakati a m'mudzi si chigamulo cha khoti, palibe amene adzabwere kudzalanda katundu chifukwa cha pepalalo. Mphamvu yake ili m'mene lalembedwera. Pepala lonena kuti "bambo uje avomera kulipira chimanga posachedwa" ndi lopanda ntchito, chifukwa posachedwa wa mwini ngongole amafika mpaka mvula. La anthu aja linalembedwa motere: makilogalamu 5 a mbewu aperekedwe pasanathe masiku 7; thumba limodzi la makilogalamu 50 pa 30 Sepitembala; thumba limodzi ndi theka pa 31 Okutobala; chimanga chikhale chouma, chosafumbwa, choyezedwa pasikelo osati pa ndowa; chikaperekedwe kunyumba kwa mayiwo pali mboni, ndipo wolandira asainire tsiku lililonse limene walandira. Analembamonso njira imene ng'ombe zizidzera popita kukamwa madzi, ndiponso kuti mayiwo atchinga ndi minga mbali yoyang'ana njirayo. Mfundo yomaliza inati tsiku likadutsa popanda kulipira, abwerera kwa amkhalapakati pasanathe sabata, ndipo zikakanika kumeneko mayiwo ali ndi ufulu wopita kwa anyakwawa kapena kukhoti.

Ngati mugwirizana ndalama m'malo mwa chimanga, samalani. Mtengo wa thumba nthawi yokolola ndi wa mu Januwale sufanana, ndiye lembani chiwerengero chenicheni cha makwacha, kapena lembani kuti mtengo wake ndi wa pamsika wa Ngabu pa tsiku lolipira. Muonetsetsenso kuti amene akusainayo ndi mwini ng'ombe weniweni. Kuno ng'ombe zambiri zimakhala m'khola la munthu wongosunga, eni ake ali ku Nchalo kapena ku Blantyre, ndipo wosungayo akhoza kulonjeza zimene sangathe kupereka.

Musanasaine, pepalalo liwerengedwe mokweza m'chilankhulo chimene nonse mukumva. Mawu amene simukuwamvetsa afunseni, ndipo ngati mtima ukukayika pemphani tsiku loti mukafunse kwanu, zimaloledwa. Mukasaina kapena kudinda chala inu, aneba, mboni ndi amkhalapakati, aliyense atenge pepala lake. Lanulo mulijambule pafoni n'kulisunga m'pulasitiki pamalo okwera, mukudziwa mmene madzi amatichitira kuno. Tsiku lolipira likadutsa muli chete, musapite nokha kukakalipa kukhola. Tengani pepalalo mubwerere nalo kwa amkhalapakati sabata yomweyo.