Kalata ya MRA pa ndalama za lendi: muyankhe bwanji?

"Ndili ndi nyumba ku Area 25 yomwe kampani ina imachitira lendi wantchito wake pa K300,000 pamwezi. A MRA andilembera kuti sindinaulule ndalama za lendi za chaka chatha. Koma kampaniyo imandidula kale msonkho isanandilipire. Ndalakwa pati, ndipo nditani?" Bambo wa ku Lilongwe

Bambo, pamene panakupusitsanipo ndi pomwe pamapusitsa malandilodi ambiri. Ndalama imene kampani imadula pa lendi ndi chikole chabe cha msonkho wanu, si msonkho wonse. Kampaniyo ikapereka ndalamayo ku MRA imalembanso dzina lanu ndi TPIN yanu, nambala imene MRA imakudziwirani ngati wokhoma msonkho, ndiye a MRA amaona kuti mukulandira lendi. Inu mukapanda kutumiza fomu ya pachaka yoonetsa zimene mwapeza, kumbali kwanu kumakhala zii, kalata n'kubwera.

Choyamba werengani kalatayo mofatsa kuti mudziwe mtundu wake. Ina imangopempha kuti mufotokoze ndi kubweretsa mapepala. Ina imakhala itakuwerengerani kale msonkho, chindapusa ndi chiwongola dzanja. Ikakhala yachiwiriyi, nthawi yotsutsa ndi yochepa, kawirikawiri masiku 30, ndipo ikadutsa muli chete chiwerengero chawocho chimasanduka ngongole. Lembani tsiku lomaliza pakalendala lero lomwe. Pitaninso ku ofesi ya MRA mukatsimikize kuti kalatayo ndi yawodi, chifukwa alipo akathyali oimba foni n'kumati tumizani kangachepe pa foni nkhaniyi ithe. Msonkho sulipiridwa m'thumba la munthu.

Ntchito yeniyeni ili patebulo panu. Tengani pangano la lendi, sitetimenti ya kubanki ya chaka chonsecho, ndi masatifiketi a msonkho umene kampani inadula. Ngati sanakupatseni, akalembereni a ku akaunti awo, ndi udindo wawo kupereka. Ndiye lembani mwezi ndi mwezi: lendi yonse isanadulidwe, zimene anadula, zimene zinafika ku banki. Apa ambiri amalakwitsa polemba zokhazo zimene zinalowa mu akaunti. Muyenera kuulula lendi yonse, kenako zodulidwazo zimachotsedwa pa msonkho umene wapezeka.

Tiyerekeze kuti a MRA awerengera miyezi 12, kukwana K3,600,000, pamene nyumbayo inakhala yopanda munthu miyezi itatu. Lendi yeniyeni ndi ya miyezi 9, K2,700,000, ndipo umboni wake ndi kalata yothetsa pangano lakale ndi tsiku limene latsopano linayamba. Pamenepo chotsani zimene munawononga kuti nyumbayo izibweretsa ndalama: tinene K400,000 yopentera ndi kusintha malata odontha, K60,000 ya msonkho wa ku khonsolo ya mzinda, ndi K240,000 ya ajenti amene anakupezerani munthu. Zatsala K2,000,000, ndipo msonkho uwerengedwa pa imeneyi. Ngati muli pantchito, ndalamayi imaikidwa pamwamba pa malipiro anu, choncho imatha kugwera pa mlingo wokwererapo. N'chifukwa chake zimene kampani inadula zimatha kuperewera, ngakhale kwa ena zimapitirira.

Kusiyanitsa kukonza ndi kutukula ndi pamene pamavuta. Kubwezeretsa chimene chinalipo, monga loko wothyoka, paipi yophulika kapena malata a dzimbiri, ndi kukonza, ndipo kumachotsedwa. Kumanga mpanda wa njerwa pomwe panali wa udzu, kapena kuwonjezera chipinda, ndi kutukula. Musaike pa mndandandawu. Mukathiramo mpandawo mumachititsa wowunika kukayikira ngakhale malisiti anu abwino. Ndipo mmisiri amene munamulipira pamanja popanda kalikonse kolembedwa ndi wovuta kumuikira kumbuyo. Ngati mungamupeze, alembe ntchito imene anagwira, tsiku ndi ndalama, asainire. Malisiti a simenti ndi penti muwalumikize pomwepo. Ngati munamanga ndi ngongole ya kubanki, chochotsa ndi chiwongola dzanja chokha, osati ndalama yobweza ngongoleyo.

Yankho lanu likhale lolemba, tsamba limodzi: TPIN, nambala ya kalata yawo, chaka chimene akunena, zimene mukuvomera, zimene mukutsutsa ndi chifukwa chake. Lumikizani mafotokope, enieniwo musunge, ndipo kope lanu alidinde tsiku lolandirira. Tumizaninso fomu ya chaka chosowacho, pa Msonkho Online kapena mothandizidwa ku ofesi.

Langizo langa lolimba ndi ili: ngati pali zaka zina kapena nyumba ina imene simunaulule, ululani nokha tsopano. Akazitulukira okha, pempho lanu loti achepetse chindapusa limakhala lopanda mphamvu. Ngati ndalama yotsalayo yakukulirani, pemphani m'kalata yomweyo kuti muzilipira pang'onopang'ono, ndipo tchulani ndalama imene mungakwanitsedi mwezi uliwonse, chifukwa chiwongola dzanja chimapitirira kukwera pa zimene zatsala.