Masamu akuti phindu lilipo, nanga ndalama zikulowera kuti?

"Makasitomala anga amalipira 50 mwezi uliwonse ndipo amakhala nane pafupifupi miyezi 20. Mwezi watha ndinalipira 4,800 potsatsa malonda, n'kupeza makasitomala atsopano 40. Ndikawerengetsa, aliyense akundibwezera ndalama zomukopera maulendo oposa 8. Nanga n'chifukwa chiyani mwezi ukamatha m'thumba mumakhala mopanda kanthu?"

Zikomo potilembera. Kuchulukitsa ndi kugawa mwachita bwino, koma manambala amene mwalowetsamo ndi amene akukunamizani, ndipo akukunamizani mbali zonse ziwiri.

Tiyambe ndi phindu lonse limene kasitomala amasiya kuyambira tsiku lobwera mpaka tsiku lochoka, limene m'mabuku a zamalonda amalilemba kuti LTV kapena CLV. Inu mwatenga 50 n'kuchulukitsa ndi 20, mwapeza 1,000. Koma 50 imeneyo si yanu yonse. Kuti kasitomalayo athandizidwe mwezi umenewo pali katundu amene munagula, mayendedwe, zimene amakudulani polandira malipiro, komanso nthawi ya amene amayankha madandaulo ake. Tiyerekeze kuti zonsezi zikukwana 20. Zotsala ndi 30, ndipo pa miyezi 20 zikukwana 600. Ndalama imene yangodutsa m'manja mwanu kupita kwa ena singabweze zimene munawononga potsatsa.

Mbali inayo ndi mtengo wopezera kasitomala mmodzi, CAC. Apa ambiri amangowerenga ndalama zotsatsira chifukwa ndi zimene zili ndi lisiti yooneka. Nanga malipiro a munthu amene amaimbira anthu mafoni ndi kuwatsatira mpaka avomere? Nanga zimene mumachotsera olowa kumene pa mtengo wa mwezi woyamba? Ngati malipirowo ndi 2,400 ndipo zochotserazo ndi 800, ndiye kuti munawononga 8,000. Mukagawa ndi 40, kasitomala mmodzi wakudyerani 200, osati 120 imene munapeza pogawa 4,800 ndi 40. Ngakhale wotsatirayo mutakhala inu nomwe, nthawi yanuyo muiikire mtengo, chifukwa bizinesi ikakula mudzalemba munthu wofuna malipiro.

Tsopano 600 kugawa ndi 200 ikupereka 3. Anthu a zamalonda amakonda kunena kuti 3 kwa 1 ndi poyambira pabwino. Si lamulo ayi, ndi chizolowezi chabe, koma chili ndi maziko. Pa magawo atatuwo, limodzi limangobweza zomukopera. Awiri otsalawo ndi amene alipire lendi, malipiro a antchito ena, misonkho ndi zina zonse zimene zimafunika kaya mwagulitsa kaya simunagulitse. Mukakhala pa 1 kwa 1 ndiye kuti mukugwirira ntchito otsatsa malonda.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi miyezi 20 ija. Mwaidziwa bwanji? Njira yachidule ndi kuwerenga ochoka. Ngati pa makasitomala 100 alionse amachoka 5 pamwezi, mumagawa 100 ndi 5, n'kupeza 20. Koma ochokawo akangofika 10, miyezi ija imatsika kufika pa 10, phindu limakhala 300, ndipo 3 uja wasanduka 1.5 mtengo wotsatsira usanasinthe n'komwe. Komanso anthu amene mwawapeza powachotsera mtengo nthawi zambiri sakhalitsa ngati amene anabwera atamva kwa anzawo. Ndiye musawaphatikize. Tengani anthu 40 a mwezi wathawa, muwalembe paokha, ndipo mwezi uliwonse muziwerenga amene akulipirabe. Pakatha miyezi itatu mukapeza atsala 34 kapena 35, ndiye kuti 20 uja ndi woona. Mukapeza atsala 29, dziwani kuti gulu limeneli likuchoka pa liwiro la 10 pa 100.

Za m'thumba mopanda kanthumo, ngakhale 3 kwa 1 atakhala woona, nambalayi sinena kuti ndalamazo zibwera liti. 8,000 ija inatuluka yonse nthawi imodzi, pamene anthu 40 aja mwezi woyamba akubweza 1,200 yokha. Pa kasitomala mmodzi, 200 kugawa ndi 30 ikusonyeza miyezi pafupifupi 7, ndipo poti ena amachoka panjira, gulu lonse limamaliza kubweza cha m'mwezi wa 8. Miyezi yonseyi mukutulutsanso 8,000 ina kukopa gulu latsopano. N'chifukwa chake bizinesi imene ikukula msanga imatha kusowa ndalama zolipirira antchito pamene mabuku akuonetsa phindu.

Musanawonjezere zotsatsa, yesani kufupikitsa miyezi 8 imeneyi. Pemphani amene angathe kuti alipiriretu miyezi itatu. Kenako werengerani njira iliyonse yotsatsira payokha: ina mwina ikukupatsani kasitomala pa 100, ina pa 400, koma mukaziphatikiza zonse zimabisala mu 200. Ya 400 ija, ngati anthu akenso ndi amene akuchoka msanga, iimitseni mwezi uno.