Webusayiti ya kopaletivi yogulitsa mtedza kunja

"Akuluakulu, kopaletivi yathu kuno ku Mchinji ikufuna kutsegula webusayiti kuti ogula akunja azitipeza. Timalima mtedza, soya ndi chimanga. Tiikepo chiyani kuti asatione ngati mavenda?"

Achimwene, yambani ndi mtedza wokha. Chimanga boma limachitsekera kawirikawiri kuti chisatuluke m'dziko, ndiye kuchiika patsogolo n'kulonjeza chinthu chomwe chiphaso chake mwina simuchipeza.

Wogula wa ku Joni kapena ku Nairobi akatsegula tsamba la mtedza safuna chithunzi cha komiti itavala mayunifolomu. Amafuna kudziwa mtundu, kaya ndi CG7 kapena Chalimbana, ngati ndi woswa kale, chaka chomwe unakololedwa, chinyezi chake, ndi kukula kwa njere. Kukulako amawerenga njere zolowa mu aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu pafupifupi 28, n'chifukwa chake mumaona 40/50 kapena 50/60 pa mapepala a malonda. Chinyezi chisapitirire 8 peresenti. Zonsezi muzilembe m'Chingerezi pa tebulo laling'ono, pambali pake chithunzi cha mtedza wanu weniweni uli m'dzanja, osati chotola pa intaneti.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa kuchuluka. Tinene kuti mamembala asonkhanitsa matani 40 a mtedza wosaswa. Mukaswa, makoko amachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, mumatsala ndi matani 27 kapena kuchepera. Mukasankha wofwapa, wosweka ndi wachuku, mwina mutsala ndi 23. Kontena ya mafiti 40 imalowa matani pafupifupi 25, omwe ndi matumba 500 a makilogalamu 50. Mwaonatu, yemwe walemba "matani 40" pa webusayiti sangadzaze ngakhale kontena imodzi. Choncho lembani manambala awiri osiyana: womwe uli m'nkhokwe lero, woswa ndi wosankha, pamodzi ndi tsiku lomwe munayeza, kenako womwe mukuyembekezera nyengo ikubwerayi. Pa Chichewa timawerenga matumba ndi ndowa, koma apo lembani matani. Ndipo pakhale munthu mmodzi wosintha nambalayo katundu akatuluka, chifukwa tsiku la chaka chatha limauza wogula kuti kopaletiviyo inagona kalekale.

Za ziphaso, zisiyanitseni m'magulu awiri. Zina ndi za inu eni, monga kalata yolembetsera kopaletivi, nambala ya msonkho ya ku MRA, ndi satifiketi ya MBS ngati muli nayo. Izi mutha kutchula nambala yake ndi tsiku lomwe zithere ntchito, koma chikalata chonse musachipachike poyera, akamberembere amakopera n'kusintha dzina. Zina zimatuluka pa katundu aliyense payekhapayekha: chiphaso chosonyeza kuti mbewu ilibe tizilombo ndi matenda, chomwe amapereka a nthambi yofufuza zaulimi monga ku Chitedze, chiphaso cha komwe katundu wachokera cha SADC kapena COMESA, ndi zotsatira za ku labotale za poyizoni wa chuku, aflatokisini. Izi musalembe kuti muli nazo, lembani kuti zimaperekedwa pa katundu aliyense wotumizidwa. Pa chukupo samalani kwambiri. Mayiko a EU salola kupitirira 4 ppb, kutanthauza magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi, pa mtedza wodyedwa mwachindunji, pomwe misika ina imalola kuposa apo. Mawu oti "aflatoxin free" musawalembe, chifukwa zotsatira za mulu umodzi sizinena kanthu za mulu wina. Ikani nambala yomwe labotale yapeza, nambala ya muluwo ndi tsiku. Chizindikiro cha Fairtrade kapena GLOBALG.A.P. ngati simunayesedwe n'kupatsidwa, chisapezekepo, ogula amafufuza pa kaundula wawo.

Fomu yofunsira ikhale yaifupi koma yosefa anthu. Mabokosi awa akukwanira: `Company name`, `Country`, `Quantity (MT)`, `Destination port`, `Incoterm`, `Aflatoxin limit`, `Payment terms`. MT ndi matani, ndipo Incoterm ndi pangano lonena pomwe udindo wa wogulitsa pa katundu uthere, wa wogula n'kuyambira. Wogula weniweni amadzaza mosavuta, woyendayenda amathawa yekha. Pansi pake fotokozani zomwe zitsatire: muyankha pasanathe masiku awiri, mutumiza sampulo iye atalipira mtengo wotumizira, kenako invoyisi yoyambirira, mgwirizano, ndi dipoziti kapena kalata ya banki yotsimikizira malipiro.

Mtengo musaulembe pa tsamba. Mukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Komanso mtengo wonyamulira pa nkhokwe yanu ku Mchinji ndi wosiyana kutali ndi wa FOB Nacala kapena Beira, pomwe thiransipoti mpaka kukweza m'sitima ndi zanu. Perekani mtengo m'madola pa imelo, ndipo mulembe kuti ukugwira ntchito masiku 7 okha. Imeloyo ikhale ya dzina la webusayiti yanu, WhatsApp ikhale yothandizira chabe. Wina akavomera mtengo osanenerera, osafuna sampulo, kenako n'kuti mutumize kaye ndalama yolembetsera kwawo, musatumize ngakhale tambala.