Ndasintha USDT kupita ku USDC, ndalama zaduka

"Anzanga thandizeni. Ndasintha 500 USDT kupita ku USDC pa DEX koma mu waleti mwalowa 487 basi. Zonsezi si dola imodzi imodzi kodi? Ina 13 yapita kuti, andibera?"

Achimwene pepani, zimawawa zimenezo. Ine zinandigwera pa 2,000 USDT ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umachita kuti myuu. Unali usiku, munthu amene ndimafuna kumulipira akungoimba foni kuti sakulandira china koma USDC. Ndalowa pa ka DEX kena, ka msika kosinthira ndalama za kiripito kuchokera mu waleti popanda kampani pakati, ndalemba 2000, pansi pakuonetsa kuti ndilandira 1,955. Ndinaona kuti yaduka ndithu koma nthawi inali itathina, ndinangodina. Thiranzakishoni inakana kudutsa, koma gasi, ndalama yolipirira netiweki, anadula. Ndabwereza, chimodzimodzi. Ndiye ndinafunsa m'gulu lina, kunabwera mkulu wina wodzitcha katswiri, amati "kwezani Slippage tolerance ifike 5%, idutsa pompo." Inadutsadi pompo. Ndikutsegula waleti ndikuona 1,862. Ndinatseka apu n'kutsegulanso poganiza kuti mwina sinamalize kuwerenga. Ayi ndithu, 1,862 yomweyo. Manja kunjenjemera, foni ikulirabe, ndalama yoti ndimulipire munthu uja yosakwana, 138 yapita m'kuphethira kwa diso. Nditabwerera kwa katswiri uja anangoti "ndi mmene msika ulili." Anthu otere amandinyansa zedi, kupereka malangizo pa ndalama za eni ake chinthu asakuchidziwa.

M'mawa mwake ndinakhala pansi n'kuwerengetsa, ndipo ndalamayo inapita njira zitatu. Yoyamba ndi fizi ya puulu, 0.3%, yomwe pa 2,000 ndi 6 basi. Imeneyo sindidandaula nayo. Yachiwiri ndiyo anthu ambiri saimvetsa. Pa DEX palibe munthu amene akukugulitsani pa mtengo wa dola. Mukusintha ndi puulu yomwe muli USDT mbali ina, USDC mbali ina, ndipo mtengo umachokera pa kuchuluka kwa ziwirizo. Puulu yomwe ndinagweramo inali ya mtundu wakale uja wa x * y = k, ndipo munali pafupifupi 100,000 mbali iliyonse. Mukathiramo USDT, USDC imachepa, ndiye USDC iliyonse yotsatira mumaigula modulirako kuposa yapitayo. Mukachotsa 6 ya fizi ija pa 2,000 patsala 1,994, ndipo masamu ake ndi awa:

```
100000 * 1994 / (100000 + 1994) = 1955
```

Ndiye kuti 39 inadyedwa ndi kuchepa kwa puulu, chomwe pa sikirini amalemba kuti Price impact. Puuluyo siikudziwa n'komwe kuti USDT ndi USDC zonse ndi za dola imodzi, imangotsata masamu ake.

Yachitatu ndiyo imandipsetsa mtima. Nditaika Slippage tolerance pa 5% ndinali nditalengeza poyera kuti ngakhale ndilandire cha m'ma 1,860 ndivomera. Thiranzakishoni isanalowe mu buloko, gulu la mathiranzakishoni omwe netiweki imatsimikiza pamodzi, imakhala pa mzere pomwe aliyense angaione, ndipo pali maboti amene ntchito yawo ndi kusuzumira pamenepo usana ndi usiku. Boti ina inaona yanga, inathamanga kutsogolo kwanga n'kugula USDC ya pafupifupi 2,500 mu puulu yomweyo, mtengo n'kukwera. Ine ndinagula pa mtengo wokwerawo mpaka pafupi ndi malire anga enieni. Itangodutsa yanga, boti ija inagulitsanso zake mu buloko yomweyo n'kuchokapo ndi phindu la 80 ndi kanthu. Amati kukupanga sangweji, iwe pakati. Mwini wake wa boti imeneyo kulikonse komwe ali, tsiku lina adzalira naye. Ena amati n'zololedwa, palibe lamulo laphwanyidwa. Kwa ine ndi umbava basi.

Tsopano zanuzo. 13 pa 500 ndi 2.6%, ndipo fizi yokha singafike pamenepo. Pa Uniswap mwachitsanzo, mapuulu odziwika amadula 0.01%, 0.05%, 0.3% kapena 1%, ndiye ngakhale mutagwera mu yodula kwambiriyo ndi 5 yokha. Ngati munasinthira m'kati mwa waleti, dziwani kuti ena amaonjezera yawo pamwamba, ya MetaMask ndi 0.875%, pa 500 ndi 4 ndi kanthu. Gasi musamuwerengere mu 13 imeneyi, kawirikawiri amaduka payekha mu ETH kapena BNB malinga ndi netiweki. Yotsalayo ndi puulu yaing'ono kapena boti, ndipo mutha kudziwa nokha. Tengani hashi ya thiranzakishoni, nambala yake yaitali yoizindikirira ija, muiike pa Etherscan kapena BscScan, kutengera komwe munasinthira. Pa mzere wa ma tokeni omwe asamutsidwa muona ndalama zomwe zinatuluka, komwe zinadutsa, ndi ngati pali adiresi ina yomwe inatapako kagawo. Kenako tsegulani adiresi ya puuluyo muone zomwe zinachitika mu buloko yanuyo. Mukapeza adiresi imodzi yagula musanagule inu n'kugulitsa mutangogula, anakupanani. Ngati palibe, ndipo nambala yomwe inaoneka musanadine inali kale cha m'ma 487 kapena 488, palibe wakuberani, puulu inali yowonda.

Onaninso ngati imodzi mwa ndalamazo sinaterereke pa dola tsiku limenelo. Zimachitika, mu Malichi 2023 USDC inatsika mpaka pansi pa masenti 90 banki ya Silicon Valley itagwa. Koma zikakhala choncho gulu lonse lino likanakhala likufuula, ndiye ndikukayika.

Ulendo wina musamayang'ane nambala yaikulu yapamwamba ija, ndi lonjezo chabe. Tsegulani tsatanetsatane muwerenge Minimum received, imeneyo ndiye ndalama yomwe mwavomera. Muonenso Price impact. Pa masitebulokoyini awiri, ndalama zotsata dola ngati USDT ndi USDC, ikadutsa 0.1% ine ndimatulukamo n'kukasaka kwina. Mapuulu opangidwira ndalama zofanana mtengo, ngati a Curve kapena a 0.01% a Uniswap okhala ndi ndalama zambiri, 2,000 yomweyo ikanaduka masenti, gasi payekha. Ma agirigeta ngati 1inch amafufuza mapuulu angapo n'kusankha njira, yerekezani nambala zawo musanadine. Zoti mudule ndalama zanu tizigawo sizithandiza kwenikweni mu puulu yaing'ono, pokhapokha mudikire kuti amalonda ena abwezeretse mtengo pakatipo, komanso kagawo kalikonse kadya gasi wake.

Silipeji pa USDT ndi USDC ikani 0.1%, mukakweza kwambiri 0.5%, ndipo wina akakuuzani za 5% mublokeni. Ngakhale kunena zoona, netiweki ikapanikizika 0.1% imakana kudutsa ndipo gasi amangopita ulele ngati zinandichitikira ine, ndiye nthawi zina ndimaikweza ndithu kufika 1% ndikaona kuti puulu ndi yaikulu ndipo ndalama yomwe ndikusintha ndi yochepa, poti boti siingadzivute pa phindu losakwana gasi wake. Ndipo pa 500 yokha, ngati muli ndi akaunti ku ekisichenji wamba, werengetsani fizi yosinthira ndi yotulutsira, mwina kumeneko n'kotchipa. Ine ndinalumbira usiku uja kuti DEX sindidzaikhudzanso, koma ndikuigwiritsabe ntchito sabata ndi sabata. 13 yanuyo siibwerera, thiranzakishoni ikalowa mu buloko yalowa, ndipo aliyense wobwera ku inibokosi kuti akuthandizani kuibweza mukamupatsa mawu 12 a waleti yanu ndi wakuba, akufuna 487 yotsalayo.