Bambo wachoka pakhomo, ndalama ya ana alipire zingati?

"Mwamuna wanga anachoka chaka chatha ndipo anakwatira kwina, komwe wabereka mwana. Anandisiyira ana awiri. Akuti ife ndi achikamwini, ndiye ana ndi a kwathu, awalere amalume awo. Iye amalandira K600,000 pamwezi, ine ndimapeza pafupifupi K200,000 pa kaunjika. Kodi ndingamusumire ukwati usanathe kukhoti? Nanga angamuuze kuti azipereka zingati?"

Mayi, mungathe kusuma ngakhale mawa. Udindo wosamalira mwana umachokera pa kubereka, osati pa ukwati. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana ayenera kulandira chisamaliro chokwanira kwa makolo ake, kaya ali pabanja, kaya analekana, kaya sanakwatirane n'komwe. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la mu 2010 likunenanso zomwezo. Zakuti ana ndi a mbumba ya amalume n'zoona pa nkhani ya mtundu ndi malo olima, koma khoti silingachotse udindo kwa bambo kukaupereka kwa achimwene anu. Mawu amenewa amandipweteka ndikawamva, chifukwa mwambo womwewo umauza mkamwini kuti amangire mkazi wake nyumba kwawo kwa mkaziyo, ndipo mbali imeneyo ambiri saitchula.

Dziwaninso kuti udindowu ndi wa nonse awiri. Lamulo silinaike chiwerengero chimodzi choti bambo aliyense azidula pa malipiro ake. Majisitireti amayang'ana zomwe kholo lililonse limapeza ndi katundu amene lili naye, ngati wina akudwala kapena ali ndi ulumali womulepheretsa kugwira ntchito, ana ena amene akuwasamalira, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwanayo akukhala. Ndiye musanapite kukhoti, khalani pansi ndi kope, mulembe zimene ana amadya ndi kugwiritsa ntchito.

Tiyerekeze ndi ndalama zongopeka, inu mudzaikemo zanu zenizeni. Chakudya cha ana awiriwo K110,000 pamwezi. Gawo lawo pa lendi, madzi ndi makala K30,000. Zovala, sopo ndi mankhwala K20,000. Ngati sukulu imadya K160,000 pa temu kwa onse awiri, matemu atatu ndi K480,000, ndipo mukagawa pa miyezi 12 ikukhala K40,000 pamwezi. Zonse pamodzi ndi K200,000. Tsono inu ndi bamboyo mumapeza K800,000 mukaphatikiza, ndipo pa ndalamayi magawo atatu mwa anayi ndi ake. Mungapemphe molimba mtima kuti iye azipereka K150,000, inu K50,000. Kawerengedwe aka sikanalembedwe m'lamulo, koma kamaonetsa khoti kuti pempho lanu lili ndi mutu, komanso kuti inu simukuthawa gawo lanu. Mukumbutsenso majisitireti kuti kuphika, kuchapa ndi kugona kuchipatala ndi mwana kuli pa inu nokha.

Mwana wa ku banja latsopano uja adzawerengedwa, ndipo ndi bwino kutero, pakuti naye sanalakwe. Mwina ndalama ingatsike kufika pa K120,000. Koma kukwatira kwina sikufafaniza ana oyamba.

Pamene amayi ambiri amagwera ndi pa umboni. Bambo amafika n'kunena kuti malipiro ake onse amathera ku ngongole, mayi alibe pepala lililonse, khoti n'kugamula kandalama kochepa. Sungani malisiti a fizi, mabuku a kuchipatala a ana, ndi mauthenga a pafoni oonetsa tsiku lomwe anatumiza ndalama komaliza. Pemphani khoti limulamule kubweretsa pepala la malipiro ake. Ngati ali ndi minibasi kapena nyumba ya lendi, zitchuleni, chifukwa khoti limaona chuma chonse. Pemphaninso kuti chigamulo chinene tsiku lolipira, ndipo fizi ilembedwe payokha kuti ikakwera musayambirenso mkangano. Akamazemba, bwererani kukhoti komweko, lili ndi mphamvu yolamula kuti ndalamayo izidulidwa pa malipiro ake.

Chigamulo chotere chimafika mpaka mwana atakwanitsa zaka 18, ndipo chingapitirire ngati akadali pasukulu. Zinthu zikasintha, monga iye kuchotsedwa ntchito kapena mwana kusankhidwa kupita kusekondale, aliyense wa inu angapemphe kuti ndalama iwunikidwenso.

Chisamaliro cha inu eni ndi nkhani ina. Gawo 24 la malamulo aakulu limapatsa mkazi ufulu wa chisamaliro choyenera ukwati ukatha, molingana ndi zomwe mwamuna angathe, ndipo lamulo la maukwati la mu 2015 limalola kupempha chithandizo ukwati usanathe. Poti muli ndi geni yanu, gawoli lingakhale laling'ono, choncho yambani ndi la ana. Ngati ankhoswe alephera, pitani kwa kalaliki wa khoti la majisitireti la kwanuko ndi kope lija, kapena ku ofesi ya Legal Aid Bureau, komwe amathandiza anthu amene sangathe kulipira loya.